Denga likudontha ku Matawale: eni nyumba ndiwalembere bwanji?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndikupempha nzeru. Nyumba imene ndikuchita lendi ku Matawale kuno ku Zomba yayamba kudontha kuchipinda chogona, chonsecho mvula yangoyamba kumene. Eni nyumba amakhala ku Blantyre. Ndawaimbira kangapo ndipo yankho ndi lomwelomwelo: "Tamva mayi, titumiza munthu." Munthuyo sakuoneka. Usiku wathawu ndachita kukokera bedi pakhomo kuti tigone. Lendi sindinachedwetsepo. Nditani kuti andimve?

Chikondi wa ku Chikanda: Asisi, osataya nthawi. Lendi ya Disembala musalipire. Muona akwera minibasi pa Limbe tsiku lomwelo. Ife ku hositelo tinachita zomwezo madzi atavuta, ndipo zinatheka.

A Banda a ku Chinamwali: Kuno kuseri kwa msika kuli nyumba ya zipinda ziwiri ikutuluka munthu mapeto a mwezi, denga lake ndi labwino. Ngati mukufuna ndikulumikizeni.

Nachisale: Zikomo a Banda, koma kusamuka ayi. Ana sukulu ili pafupi, komanso nyumbayi ndimaikonda. Ndikungofuna denga likonzedwe.

Anti Tamala: Nachisale mwanawe, usanaganize zogwira lendi ndikufunse. Poimba foni paja umanena kuti chiyani? Ndiuze mawu ake enieni.

Nachisale: Ndimangoti, "Bambo, nyumba ikudontha kwambiri, tikuvutika kuno." Ndinatumizanso uthenga wa mawu pa WhatsApp ndikudandaula.

Anti Tamala: Ndiye vuto lagona pamenepo. Ine ndagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoyang'anira nyumba za lendi, ndipo madandaulo ngati amenewa ndi amene ankakhala pansi pa mulu. Osati chifukwa cha nkhanza ayi. Tangoganiza uli bambo aja ku Blantyre. Wamva kuti "ikudontha kwambiri." Sukudziwa ngati ndi misomali isanu yomasuka kapena denga lonse likufunika kusasula. Sukudziwa ngati utumize kalipentala kapena womanga. Sukudziwa kuti ukonze ndalama zingati. Munthu akamva vuto lopanda malire amaliopa, ndipo chimene amachita ndi kuzengereza. Ukamuuza kuti ndi malo amodzi, kuchipinda chakuti, madzi ochuluka chonchi, vutolo limasanduka ntchito yoti akhoza kuitumira munthu mawa.

Chachiwiri, foni siisiya umboni. Mwezi wa Januwale silingi ikadzagwa, iwo adzati sanauzidwe kuti zafika pamenepa, iwe udzati unanena, ndipo palibe adzakhale ndi choonetsa.

Mayi Nangozo: Ndiyankhulepo ngati landilodi, chifukwa ndili ndi tinyumba titatu ku Sadzi. Zimene akunena a Tamala ndi zoona. Pali wa lendi wina amene ankandiimbira usiku akukalipa kuti nyumba yonse ndi madzi okhaokha. Ndinatenga mmisiri, ndinamulipira thiransipoti, titafika tinapeza kuti ndi windo limene silinkatsekeka bwino, mvula ya mphepo imalowera pamenepo. Kuyambira pomwepo ndikamva mawu akuti "yonse" kapena "kwambiri" mtima umayamba wakayika. Koma wina ananditumizira chithunzi cha thope la pa silingi atalemba kuti lakula kuchoka pa mbale kufika pa beseni m'sabata imodzi. Ameneyo ndinamuthamangira, chifukwa ndinaona ndi maso kuti nyumba yanga ikuonongeka ndipo ndikachedwa ndigula mabolodi ambiri.

Chikondi wa ku Chikanda: Koma mayi, si malandilodi onse ali ngati inu. Ena chithunzi amachiona, timizere tiwiri timasanduka tabuluu, kenako zii.

Mayi Nangozo: Alipo, sindikukana mwana wanga. Koma ngakhale kwa oterowo, chithunzi ndi tsiku zimakuteteza iweyo pa tsiku lotuluka, akamafuna kudula dipoziti kuti unaononga silingi.

Che Jafali: Moni nonse. Ine ntchito yanga ndi ya madenga, ndafolera nyumba zambiri kuyambira ku Mpondabwino mpaka ku Domasi. Mayi Nachisale, mundiyankhe mafunso awa, chifukwa ndi omwewo amene mmisiri wa eni nyumba adzafunse. Kukudontha mvula iliyonse kapena ya mphepo yokha? Kumayamba mvula ikangoyamba kapena patapita nthawi? Malo ake ali pakati pa chipinda, pakona, kapena motsamira khoma? Kunja pamwamba pa malo amenewo pali chiyani, mtengo, kapena pokumana madenga awiri? Ndipo madzi akugwa patali bwanji ndi babu?

Nachisale: Che Jafali, mvula ya Lamlungu pa 9 inali yamphamvu, kunayamba kudontha patapita mwina theka la ola. Dzulo Lachiwiri inali yapang'onopang'ono koma yanthawi yaitali, kunadonthanso. Malo ake ndi pakona ya chipinda, mbali yoyang'ana kuphiri. Nyumbayi anaiwonjezera chipinda kumbuyo, ndiye pamenepo ndi pomwe denga lakale limakumana ndi latsopano. Pali mtengo wa mango wa aneba umene nthambi zake zafika padenga. Babu ili pakati pa chipinda, koma thope la pa silingi likulowera komweko, patsala ngati mapazi awiri.

Che Jafali: Mwaona, m'mizere yochepayi mwandiuza zambiri kuposa mafoni onse aja. Pokumana madenga awiri pamakhala ngalande ya lata imene imatenga madzi a mbali zonse ziwiri. Masamba a mango akadzaza mmenemo m'chilimwe, madzi amadikha, amakwera, kenako amasefukira pansi pa malata. N'chifukwa chake sikudontha mvula ikangoyamba, kumadikira ngalande idzaze. Masamba onyowa akakhalitsa amadyanso lata ndi dzimbiri mpaka kuboola. Ngati ndi masamba okha, ndi ntchito ya m'mawa umodzi: kusesa, kudula nthambi, kumata pamene pachita ming'alu. Ngati lata la ngalande laboola, pafunika kuzula malata a m'mbali, kuika lina, kukhomanso. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri, osati kusasula denga lonse.

Sindingalumbire ndisanakwere. Madzi a padenga ali ndi khalidwe loyenda. Amalowa pa msomali womasuka kumtunda, amatsetsereka ndi phaso, n'kukagwera pa silingi mamita awiri kutsogolo. Ndiye polemba musanene kuti "lata laboola pamwamba pa bedi." Simunaone. Lembani zimene mwaona: pamene pakudontha, nthawi yake, ndi zimene zili kunja.

Anti Tamala: Mfundo imeneyi uigwire Nachisale. Ukalemba chifukwa chimene sunachione, mmisiri akadzapeza china, eni nyumba amayamba kukayikira zonse zimene unanena. Ukhoza kungoti "ndikuganiza kuti mwina ndi pa ngalande, koma mmisiri ndiye aone."

Mphatso: Mwina si kudontha n'komwe. Kuno ku Zomba malata amachita thukuta. Kwathu ku Mulunguzi m'mawa madzi amagwa m'nyumba kopanda mvula.

Che Jafali: Zimenezo zimachitikadi achimwene, makamaka Juni ndi Julaye kukazizira, nyumba za kufupi ndi phiri komanso zopanda silingi. Mpweya wofunda wa m'nyumba ukagunda lata lozizira umasanduka timadontho. Koma thukuta limagwa m'mamawa, malo ambirimbiri, pang'onopang'ono, ndipo silidikira mvula. La mayiwa ndi la malo amodzi ndipo likutsatira mvula. Komabe mwachita bwino kutchula, chifukwa eni nyumba ena amathawira pomwepo, amati ndi thukuta chabe. Munthu ukalemba masiku a mvula ndi kuchuluka kwa madzi, njira imeneyo umakhala waitseka.

Nachisale: Kuchuluka kwa madzi ndiyeza bwanji? Ndimangotchera ndowa.

Che Jafali: Ndowayo ndiye muyeso. Ndi ya malita angati?

Nachisale: Ya malita 20. Lamlungu inafika pafupifupi theka pofika m'mawa. Dzulo inangophimba pansi, mwina malita atatu.

Che Jafali: Basi lembani zomwezo. Malita 10 usiku umodzi, landilodi aliyense amva kuti si masewera. Ndipo tengani pensulo muzungulize m'mphepete mwa thope pa silingi lero, mulembe deti pambali pang'ono. Mvula ina ikagwa thope lidzadutsa mzerewo, mudzajambulenso. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi zimaonetsa kuti vuto likukula.

Koma nkhani ya babu ndiye yandidetsa nkhawa. Pamwamba pa silingi pamadutsa mawaya, ndipo polumikizira pake nthawi zambiri pamakhala pafupi ndi babu. Kukagwa mvula musayatse getsi la chipinda chimenecho, ndipo ngati pa bokosi la magetsi pali swichi ya mababu payokha, muziithimitsa. Mukaona babu ikuphethira, kapena magetsi akuzima okha mvula ikamagwa, kapena madzi akutsika ndi chingwe cha babu, thimitsani swichi yaikulu ndipo musagwire ndi manja onyowa. Ana asagone pansi pa bolodi lomwe layamba kufutukuka. Bolodi la silingi likamwa madzi limalemera ndipo limagwa losachenjeza.

Nachisale: Layamba kale kulendewera pang'ono pakati. Anawo ndawasamutsira pabalaza.

Yamikani: Pa nkhani ya zithunzi ndithandizepo, ndimajambula maukwati. Anthu ambiri amayandikitsa foni pa thope n'kutumiza. Wolandira amangoona chinthu chabulauni, sadziwa ngati ndi silingi kapena khoma, chachikulu kapena chaching'ono. Jambulani katatu. Choyamba muime pakhomo kuti chipinda chonse chioneke, windo, babu ndi kona yodonthayo. Chachiwiri muyandikire kuti thope ndi babu zikhale m'chithunzi chimodzi, mtunda wake uoneke. Chachitatu chapafupi kwambiri, wina atagwirizira lula ya mwana wa sukulu kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kudziwike. Mujambule masana makatani ali otsekula, chifukwa kuwala kwa foni usiku kumafufuta thope. Kenako mutuluke panja mujambule pokumana madenga paja ndi nthambi za mango, muli pansi, osakwera.

Mvula ikamagwa tengani kavidiyo kakafupi, masekondi 20 akwana, kuonetsa dontho likuchoka pa silingi kugwera m'ndowa, ndipo munene pakamwa tsiku ndi nthawi. WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, ndiye chimodzi kapena ziwiri zofunika kwambiri muzitumize ngati Document kuti zisafufutike. Ndipo musasankhe View once, chifukwa akangotsegula kamodzi chimasowa.

Mayi Nangozo: Koma osatumiza zithunzi makumi atatu chonde. Ife ena bandulo timagula ya tsiku, ndipo zikachuluka sititsegula n'komwe. Zinayi kapena zisanu ndi kavidiyo kamodzi zakwana.

A Banda a ku Chinamwali: Poti tikukamba za malandilodi, ine langa ndi la madzi. Bilu yakwera miyezi iwiri yotsatizana pomwe kagwiritsidwe kathu sikanasinthe. Landilodi akuti tikuchapa kwambiri. Chithunzi ndijambula chiyani, poti palibe chikuoneka?

Anti Tamala: Achimwene, chanu chithunzi chake ndi mita. Tsekani mipopi yonse, pasapezeke wogwiritsa ntchito toileti, mujambule manambala a pa mita. Pakatha ola limodzi mujambulenso. Ngati manambala ayenda, madzi akutayika penapake mkati mwa mpanda, mwina paipi ya pansi kapena thanki ya toileti imene sikutseka. A Southern Region Water Board mbali yawo imathera pa mita, kuchoka pamenepo kulowa m'nyumba ndi nkhani ya mwini malo. Mutumize zithunzi ziwirizo ndi mabilu a miyezi yapitayo. Koma muyambitse nkhani yake payokha a Banda, tithane kaye ndi denga la mwanayu mvula isanabwerenso.

A Banda a ku Chinamwali: Chabwino anti, ndiyesa usiku uno onse akagona.

Nachisale: Ndalemba chonchi, mundiuze ngati zili bwino: "Bambo, monga ndakhala ndikunena, nyumba yanu ikudontha ndipo simukuchitapo kanthu. Mukonze pofika mawa, apo ayi ndichotsa pa lendi."

Chikondi wa ku Chikanda: Eya! Imeneyo ndiye kalata.

Mayi Nangozo: Ayi mwana wanga. Ine nditalandira imeneyo ndikhoza kuyamba kuganiza zokupatsa notisi, osati zofuna mmisiri. "Mawa" munthu ali ku Blantyre, pakati pa mwezi, sanaone n'komwe vutolo? Ukapatsa munthu tsiku limene iwenso ukudziwa kuti n'losatheka, amalidumpha mosavutika mumtima, ndipo tsiku lachiwiri limene udzapereke silidzakhalanso ndi mphamvu.

Anti Tamala: Tsiku lomalizira liyenera kuchokera ku ntchitoyo, osati ku mkwiyo. Che Jafali, kuti munthu aitanidwe, akwere, aone, apereke mtengo, zipangizo zigulidwe, akonze, zimatenga masiku angati nyengo ino?

Che Jafali: Kudzaona, masiku awiri kapena atatu akwana, chifukwa amisiri tili tonse m'tauni muno. Masamba akhoza kuchotsa tsiku lomwelo lodzaona. Kukonza kwenikweni mupereke sabata imodzi kapena masiku khumi. Novembala ndi Disembala tonse timakhala otanganidwa, aliyense amakumbukira denga mvula ikayamba. Komanso padenga ponyowa sitikwera, pamaterera, ndipo phula kapena tepi yomatira sizigwira pa lata lonyowa. Pamafunika m'mawa wouma. Silingi yokha isathamangiridwe. Mudikire mvula ziwiri kapena zitatu zidutse kuti titsimikize kuti kudontha kwatha, matabwa aume, kenako bolodi latsopano. Mukaika bolodi lero denga lisanatsimikizike, mugula kawiri.

Anti Tamala: Ndiye wamva, masiku ndi awiri osiyana: lodzaona ndi lomaliza kukonza. Loyamba likhale lapafupi chifukwa cha magetsi aja, ndipo unene chifukwa chake. Ndipo ulembe deti lenileni. "Msanga" kapena "sabata ino" aliyense amamva zake. Tayesa chonchi, usinthe pomwe sizikugwirizana:

"Bambo, mwaswera bwanji. Ndine Nachisale wa m'nyumba yanu ya ku Matawale. Ndikulemba pa nkhani ya kudontha imene tinakambirana pa foni. Kukudontha malo amodzi, pakona ya chipinda chogona chakumbuyo, mbali ya kuphiri, pansi pa pomwe denga lakale limakumana ndi la chipinda chowonjezera. Lamlungu pa 9 Novembala ndinatchera madzi pafupifupi malita 10 usiku umodzi, ndipo Lachiwiri pa 11 pafupifupi malita 3. Bolodi limodzi la silingi layamba kulendewera, ndipo chinyezi chatsala mapazi awiri kufika pa babu, moti getsi la chipindacho tasiya kuyatsa ndipo ana akugona pabalaza. Kunja nthambi za mango zafika padenga pamalo omwewo. Ndatumiza zithunzi zinayi ndi vidiyo.

Ndikupempha kuti mmisiri adzaone pofika Loweruka pa 15 Novembala chifukwa cha magetsiwo, ndipo denga likhale litakonzedwa pofika Loweruka pa 22. Ndimapezeka pakhomo kuyambira 3 koloko masana, Loweruka tsiku lonse. Ngati kutalika kukuvutitsani, ndikhoza kupeza amisiri awiri kuno akupatseni mitengo yawo kuti musankhe nokha. Chonde mundiyankhe pofika mawa madzulo kuti ndidziwe njira imene mwasankha. Zikomo."

Chikondi wa ku Chikanda: Anti, kalatayi ndi yaulemu mopitirira. Palibe choopsa chilichonse. Akapanda kuyankha ndiye bwanji?

Anti Tamala: Uthenga woyamba sufunika chiopsezo, Chikondi. Umafunika kuti munthu asapeze pothawira ndiponso asapeze chokwiyira. Taona zimene zilimo. Sanganene kuti sakudziwa malo. Sanganene kuti ndi zazing'ono. Sanganene kuti analibe munthu ku Zomba, chifukwa wapatsidwa njira. Sanganene kuti mmisiri anapeza pakhomo potseka, chifukwa maola alembedwa. Ndipo funso lakumapeto ndi losavuta kuyankha, asankhe njira iyi kapena iyo. Loweruka likadutsa kuli zii, pamenepo ndiye utumiza wachiwiri, waufupi, wotchula uthenga woyamba ndi deti lake, ndi chithunzi chatsopano cha thope litadutsa mzere wa pensulo. Mmenemo ndi momwe unganene kuti ukupempha chilolezo chokonzetsa wekha n'kuchotsa pa lendi.

Chikondi wa ku Chikanda: Nanga bwanji osangokonzetsa n'kuchotsa? Ndalama ndi zake zomwe, nyumba ndi yake yomwe.

Mayi Nangozo: Chifukwa ndalama imene sindinavomereze ndikhoza kuikana. Wa lendi wina anandibweretsera pepala lolemba pamanja kuti wagwiritsa ntchito ndalama zakuti pokonza chitseko, popanda lisiti, popanda kundiuza. Tinakangana mpaka anatuluka. Mwina anakonzadi, koma ndikanadziwa bwanji mtengo wake? Kuchotsa pa lendi ndi njira yabwino, ine ndimaikonda chifukwa imandipulumutsa ulendo, koma tigwirizane kaye. Ndione mtengo, ndilembe kuti "ndavomera, chotsani zakuti pa lendi ya mwezi wakuti," kenako malisiti a ku hadiweya ndi chithunzi cha ntchito itatha.

Anti Tamala: Ndipo za kusalipira kumene, Chikondi, ku hositelo zinatheka chifukwa munali gulu, mwini wake sakanakuthamangitsani nonse pakati pa semesita. Nachisale ali yekha ndi ana. Akangodumpha mwezi, nkhani imatembenuka. Sikhalanso ya denga, imakhala ya ngongole ya lendi, ndipo kulikonse kumene angapite, kwa a buloko lida kapena ku khoti la majisitireti, funso loyamba lidzakhala lakuti kodi munalipira. Munthu amene ali ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa kuti sanaphonyepo, kuphatikiza kalata ndi zithunzi, amaima pabwino kwambiri.

Chikondi wa ku Chikanda: Ndamva, koma sindikugwirizana nazo zonse. Pali eni nyumba amene chilankhulo chawo ndi ndalama basi. Nyumba zina ku Chikanda zinaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo anthu anakhala nthawi yaitali akulonjezedwa. Ulemu uli ndi polekezera.

Mphatso: Apa Chikondi akunena zoona. Si onse amene amasunthika ndi kalata.

Anti Tamala: Sindikutsutsa. Kalata yabwino siisintha mtima wa munthu wouma. Imathandiza pa eni nyumba ambiri amene ndi ozengereza chabe kapena oopa mtengo, ndipo pa ouma aja imakukonzera njira yotulukira ndi dipoziti yako m'manja. Nachisale, kodi munasainirana pepala polowa?

Nachisale: Eya anti, tsamba limodzi. Ndaliona tsopano. Palembedwa kuti wa lendi azikonza zing'onozing'ono ngati mababu, maloko ndi magalasi osweka, ndipo mwini nyumba aziona za denga, makoma ndi mapaipi. Za masiku okonzera sipanalembedwe.

Anti Tamala: Zabwino kwambiri. Uwonjezere chiganizo chimodzi chokha: "Malinga ndi pepala lathu la mgwirizano, za denga zili mbali yanu." Osachulutsa. Ulijambulenso pepalalo ulisunge mu foni ndi kwina.

Che Jafali: Ndiwonjezere kamodzi. Mmisiri akabwera mumupemphe ajambule ali pamwamba, asanayambe ndiponso atamaliza. Ena amangopaka phula pamwamba pa dzimbiri n'kutsika, pakatha mwezi kudontha kumabwerera. Ngati lata la ngalande laboola malo angapo, kumata ndi kongodikirira, lifunika kusintha. Ngati ndi misomali, yomasukayo azule aike ina yaitaliko yokhala ndi labala, pamwamba pa mzere wa lata osati m'chigwa momwe mumayenda madzi. Ndipo nthambizo zikapanda kudulidwa chaka chamawa mudzalembanso kalata yomweyi.

Nachisale: Mtengowo ndi wa aneba, ndipo mango ake ali pafupi kupsa. Sindikufuna kuyambana nawo. Ndani akuyenera kukawauza, ine kapena eni nyumba?

Mayi Nangozo: Eni nyumba, chifukwa malire ndi awo ndipo anebawo adzakhala nawo mpaka kalekale. Koma iwe ukawadziwitse mwaulemu kuti kubwera mmisiri.

A Banda a ku Chinamwali: Ine ndikuona kuti apite yekha. Kudikira munthu wa ku Blantyre kuti akambe za nthambi ziwiri, mvula ithera pomwepo.

Mayi Nangozo: Akapita yekha n'kukanidwa ndiye azionana bwanji pa mpopi tsiku ndi tsiku? Ayi, alembe m'kalatamo kuti bambowo awaimbire.

Nachisale: Ndawonjezera zonse ziwiri, za mgwirizano ndi zoti awaimbire aneba. Zithunzi ndajambula monga ananenera a Yamikani, vidiyo ndagwiritsa ya dzulo. Ndatumiza 5 koloko.

Yamikani: Musafufute macheza amenewo ngakhale foni idzaze. Mujambulenso sikirini pomwe pakuoneka deti.

Nachisale: Abale, ayankha usiku womwe uno. Alemba kuti samadziwa kuti zafika pa magetsi, ndipo mphwawo wa ku Ndola, kuno ku Zomba komweku, abwera ndi kalipentala Lachisanu masana. Akuti denga akonza, koma silingi idikire malipiro a mapeto a mwezi. Za aneba sananenepo kanthu.

Che Jafali: Za silingi zili bwino, nanga si tinati idikire mvula ziwiri. Koma bolodi lolendewera lija alichotse Lachisanu lomwelo, lisasiyidwe pamwamba pa anthu. Likachoka mpamenenso adzaone bwino mawaya ndi matabwa ngati ayamba kuola. Ngati polumikizira mawaya panyowa, aitane wa magetsi, kalipentala asagwirepo.

Anti Tamala: Uwayankhe mwachidule kuti wavomera Lachisanu pa 14, ubwereze kuti denga lithe pofika pa 22, ndipo ufunse deti la silingi, mwachitsanzo sabata yoyamba ya Disembala. "Mapeto a mwezi" si deti. Ukumbutsenso za mango.

Nachisale: Ndiyankha choncho m'mawa. Funso lina, matiresi anga ananyowa mbali imodzi Lamlungu lija ndipo ayamba kununkha nkhungu. Ndingawapemphe kuti andithandize?

Mayi Nangozo: Ine ndikanakana. Katundu wa m'nyumba ndi wa mwini wake, ukanasuntha bedi msanga.

Chikondi wa ku Chikanda: Ayi mayi, anawaimbira kale mvula isanafike pamenepo. Akanatumiza munthu matiresi sakananyowa.

Mayi Nangozo: Anaimba, koma ananena kuti pakudontha pamwamba pa bedi? Umboni wake uli kuti?

Anti Tamala: Apa sitigwirizana lero. Nachisale, uwajambule matiresiwo, uwayanike padzuwa likangotuluka, koma usaiphatikize nkhaniyi ndi ya denga sabata ino. Ntchito ithe kaye, kenako udzaifunse payokha, ukaona mmene bambowo akuyankhulira.

A Banda a ku Chinamwali: Anti Tamala, mita ija yayenda. Ndatseka zonse 10 koloko, pofika 11 manambala ofiira asintha. Ndiyambe ndi kuyang'ana thanki ya toileti kapena ndilembe kaye?

Anti Tamala: Yambani ndi thanki. Tsekani kampopi kolowetsa madzi m'thankimo, mujambule mita, mudikirenso ola. Ikaima, vuto ndi thanki ndipo ndi lotchipa. Ikapitiriza kuyenda, ndi paipi ya pansi, ndipo mulembe kalata yanu mutaika zithunzi zonse ndi nthawi yake.